Mabuku a ku Timbuktu anapulumuka bwanji zaka zonsezi?

Funso: Ine ndimaphunzitsa ana kumadarasa kwathu ku Mangochi. Ndamva kuti ku Timbuktu, m'dziko la Mali, mabanja amasunga mabuku olembedwa pamanja a zaka mazanamazana. Kwathu kuno kope likangotha zaka 10 limakhala litadyedwa ndi chiswe. Anzathuwo anatha bwanji popanda makina osindikizira, nanga tingadziwe bwanji kuti okopera sanasinthe mawu?

Yankho: Aphunzitsi, chiswe chiliko ku Timbuktu nakonso, ndipo chadya mabuku ambirimbiri. N'zoona kuti mpweya wouma wa m'chipululu cha Sahara umathandiza pepala kusawola msanga, koma umaliumitsanso mpaka kumathetheka ngati tsamba la fodya. Nyumba zake n'zadothi, madenga ake n'ngadothi, ndipo mvula yochepa yomwe imagwa kumeneko ikapeza mng'alu padenga imadonthera m'bokosi la mabuku. Tsono musaganize kuti chipululu chinali nkhokwe yosabooka.

Ganizirani mbewu ya chimanga cha makolo. Palibe amene ali ndi njere imene agogo a agogo ake anagwira m'manja, komabe mbewuyo ilipo chifukwa chaka ndi chaka wina ankaibzala n'kusankha zitsononkho zabwino za chaka chamawa. Mabuku a ku Timbuktu anayenda chimodzimodzi. Ambiri mwa mapepala amene alipo lero analembedwa m'zaka za m'ma 1700, 1800 ngakhalenso 1900, pamene mawu ali pamapepalawo ndi akale kwambiri, ena a zaka zoposa 1,000. Buku linkakhala ndi moyo ngati pali shehe amene akuliphunzitsa, chifukwa wophunzira aliyense ankafunika lake, ndipo njira yopezera lake inali kulikopera kapena kulipira wina kuti amukoperere.

Tiyambire papepala, poti ndi pamene malonda akulowera. Timbuktu ali pamalo pamene mtsinje wa Niger umakhota n'kuyandikira chipululu, ndiye ngamila zochokera kumpoto zinkakumana ndi mabwato ochokera kum'mwera. Kumpoto kunkachokera mchere wa ku Taghaza, kenako wa ku Taoudenni, pamodzi ndi nsalu ndi zina; kum'mwera kunkachokera golide, chakudya, komanso anthu ogwidwa ukapolo, zomwe sitiyenera kuzibisa. Pepala silinkapangidwa mumzindamo. Masamba ambiri ankawoloka chipululu pamsana pa ngamila ulendo wa milungu yambiri. Leo Africanus, amene anafika kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, analemba kuti mabuku ochokera kumpoto kwa Africa ankapindulitsa amalonda kuposa katundu wina aliyense. M'zaka zotsatira pepala lambiri linkachokera ku Italy. Mukatenga tsamba lotere n'kuliyang'anitsa kudzuwa, mkati mwa pepalalo mumaoneka chizindikiro chosalembedwa ndi inki, kawirikawiri miyezi 3 yongotuluka kumene yondandalikana, waukulu, wapakati ndi waung'ono. Chimenecho n'chidindo cha opanga pepala, ndipo chimatithandiza kudziwa kumene linachokera.

Popeza pepala linali lodula, mwana sankaliyamba n'kulikhudza komwe. Ankayamba ndi thabwa, monga mmene ana ambiri a Chisilamu ku West Africa amachitirabe lero. Aphunzitsi amamulembera kapena kumuuza ndime ya Kurani, iye n'kulemba ndi cholembera cha bango ndi inki ya makala, n'kuibwereza mokweza mpaka italowa m'mutu, kenako thabwalo n'kutsukidwa kuti palembedwe ndime ina. Pofika nthawi yopatsidwa pepala, dzanja linali litakhwima ndipo khutu linali litazolowera kumva ngati chilembo chaphonyeka.

Inki inali ya mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo uliwonse uli ndi vuto lake. Ya mwaye kapena makala, yosakaniza ndi utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe, imakhala yakuda bii ndipo siiwononga pepala, koma ikanyowa imasungunuka n'kufalikira, tsamba lonse n'kukhala ngati mtambo. Ina inkapangidwa ndi madzi a zomera zowawa osakaniza ndi chitsulo. Imeneyi imagwira zolimba, madzi saichotsa msanga, koma zaka zikamapita imasanduka yofiirira n'kuyamba kudya pepala pang'onopang'ono. Mumapeza tsamba lomwe zilembo zake zabooka, mawuwo akuwerengeka ndi mabowo m'malo mwa inki. Panalinso inki yofiira yolembera mitu ya nkhani ndi tizizindikiro ta katchulidwe, ndipo m'ma Kurani munkakhalanso timadontho tachikasu ndi tobiriwira tosonyeza katchulidwe ka zilembo zina.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti mabuku ambiri a kumeneko sanasokedwe. Ndi mulu wa masamba omasuka, oikidwa m'chikuto cha chikopa cha mbuzi kapena nkhosa chomwe chimapindika n'kumangidwa ndi chingwe. Ubwino wake unali woti shehe ankatha kugawa masamba kwa ophunzira angapo nthawi imodzi, wina azikopera chigawo ichi, wina icho. Koma mphepo ikaomba kapena mwana akagwetsa muluwo, masamba ankasokonezeka, ndipo manambala a masamba sankalembedwa. Mankhwala ake anali aang'ono koma anzeru. Pansi pa tsamba lililonse, pakona, mlembi ankalemba liwu loyamba la tsamba lotsatira. Kuti mubwezeretse buku m'malo mwake mumangotsatira mawu amenewo, lino likuitana lotsatira, ngati unyolo. Pamene liwu la pansi silikugwirizana ndi liwu loyamba la tsamba lina lililonse mumuluwo, mwadziwa kuti pasowa tsamba, ndipo mwadziwanso malo enieni pamene lasowa.

Kukopera sikunali ntchito ya ophunzira okha. Kunali alembi olipidwa, ndipo tili ndi umboni wake. M'zaka za m'ma 1570, ku Timbuktu kunakoperedwa buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chiarabu lotchedwa al-Muhkam, la mavoliyumu 28. Analilemba Ibn Sida, katswiri wosaona wa ku Andalusia, ku Spain wa masiku ano, yemwe anamwalira mu 1066. Kumapeto kwa mavoliyumu ena amene anapulumuka kuli mawu otsekera a alembi, otchula amene anakopera, amene anaitanitsa ntchitoyo, tsiku lomalizira, ndi malipiro ake mu golide woyezedwa pa muyezo wa mithikali, womwe ndi magalamu oposa 4 pang'ono. Chofunika kwambiri pa funso lanu n'chakuti wokopera sanali yekha. Panali munthu wachiwiri, wolipidwa payekha, amene ankaika tizizindikiro ta katchulidwe ndi kutsimikizira zomwe mnzake walemba. Munthu wa ku Timbuktu anali wokonzeka kutulutsa golide kawiri pa buku limodzi, poyamba kuti lilembedwe, kachiwiri kuti lionedwe ngati lalembedwa bwino.

Zolakwika zinalipo, zambiri ndithu. Chiarabu chili ndi zilembo zosiyana ndi kadontho kokha, ndiye kadontho kakasowa kapena ntchentche ikasiya kake, liwu limasanduka lina. Koma cholakwika choopsa kwambiri ndi cha diso lodumpha. Ndikupatseni chitsanzo changa cha m'Chichewa. Tinene kuti buku lomwe mukukopera likuti: munthu akapeza madzi asambe kenako apemphere, akapanda kupeza madzi agwiritse ntchito dothi loyera kenako apemphere, nthawi ikadutsa abweze pempherolo. Inu mwalemba mpaka pa "kenako apemphere" woyamba, mwaviika bango mu inki, mwabwereranso kubuku, ndipo diso lagwera pa "kenako apemphere" wachiwiri. Mukupitiriza ndi "nthawi ikadutsa". Lamulo lonse la munthu wosowa madzi lachoka, koma chiganizo chikuwerengeka bwinobwino, palibe pokhumudwa. Wowerenga yekha sangachitulukire cholakwika chotere.

Chimene chimachigwira ndi ntchito yotchedwa mukabala, kutanthauza kuyang'anizana. Anthu awiri amakhala pansi, mmodzi akuwerenga mokweza buku lomwe langolembedwa, mnzake akutsatira ndi chala m'buku lomwe anakoperamo, kapena shehe yemwe analiloweza akumvetsera. Akapeza posowa, mlembi amaika kachizindikiro pamalopo n'kulemba mawu osowawo m'mphepete mwa tsamba, n'kutsekera ndi liwu lakuti saha, kusonyeza kuti kukonzako n'kolondola. Akaweruka tsiku limenelo, ena ankalemba m'mphepete liwu lakuti balagha, kutanthauza kuti tafika pano. Ndiye mukagwira buku la pamanja n'kuona m'mphepete muli zokonzakonza zotere, musalinyoze kuti n'lauve. Buku loyera mbee, lolembedwa mokongola koma lopanda chizindikiro chilichonse choti linayang'anizidwa, ndi limene ine ndimalikayikira kwambiri.

Mlonda wina anali mutu wa munthu. Mabuku ambiri oyambira anali aafupi dala, ena olembedwa ngati ndakatulo kuti alowezedwe. Alfiyya ya Ibn Malik, mwachitsanzo, ndi galamala ya Chiarabu m'mizere pafupifupi 1,000 ya ndakatulo. Liwu likasowa mumzere wa ndakatulo, kayendedwe kake kamatsimphina ndipo khutu limamva. Pamene mumzinda muli anthu ambiri oloweza buku limodzi, mlembi mmodzi sangalisinthe osagwidwa.

Mwina munamva kuti ku Sankore kunali yunivesite. Liwu limeneli limasokeretsa. Mizikiti ikuluikulu itatu ya mzindawo, Djinguereber, Sankore ndi Sidi Yahya, inalidi malo ophunzirira, ndipo dera la Sankore linali kwawo kwa mabanja a akatswiri, koma kunalibe ofesi yolembetsera, makalasi a chaka ndi chaka, kapena digiri ya sukulu. Munthu ankasankha shehe ndi buku. Akamaliza bukulo, ankayamba lina kwa shehe yemweyo kapena kupita kwa wina. Ambiri ankayamba ndi timabuku ta malamulo a mapemphero, n'kufika pa Risala ya Ibn Abi Zayd wa ku Qayrawan, yemwe anamwalira mu 996, kenako Mukhtasar ya Khalil, buku lofupikitsidwa kwambiri moti popanda aphunzitsi silimveka, ndi Muwatta ya Imamu Malik. Ku Timbuktu amatsatira chiphunzitso cha Malik, pamene kwanu ku Mangochi ambiri amatsatira cha Shafi'i, chomwe chinabwera kudzera kugombe la Aswahili, tsono mayina a mabuku akhoza kusiyana ndi omwe munaphunzira inu ngakhale kakhalidwe ka pamphasa n'kofanana.

Tili ndi mwayi kuti wophunzira wina anatisiyira chithunzi cha aphunzitsi ake. Wophunzirayo ndi Ahmad Baba, wa banja la Aqit, yemwe anabadwa mu 1556 n'kumwalira mu 1627. Aphunzitsiwo ndi Muhammad Baghayogho, wochokera ku Djenne, yemwe anamwalira mu 1594. Ahmad Baba akufotokoza kuti shehe wakeyo ankayamba kuphunzitsa akangomaliza pemphero la m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera, nthawi zina n'kupita kwa woweruza kukalankhulira anthu kapena kukayanjanitsa okangana, masana n'kuphunzitsa kunyumba kwake, madzulo malo ena, ndipo dzuwa likalowa n'kuphunzitsanso mumzikiti mpaka pemphero la usiku. Anakhala naye zaka zoposa 10. Mukhtasar ya Khalil anaimaliza pamaso pake ka 8 kapena pamenepo, nthawi zina akuwerenga iye mwini, nthawi zina akumvetsera anzake akuwerenga. Buku limodzi la galamala, Tashil ya Ibn Malik, linawatengera zaka 3.

Taimani pa ka 8 kameneko, chifukwa yankho la funso lanu lagona pamenepo. Nthawi iliyonse wophunzira akuwerenga mokweza kuchokera m'buku lomwe anakopera, shehe akumvetsera ndipo anzake akutsatira m'mabuku awo, ndiye kuti mabuku onse apamphasapo akuyang'anizidwa nthawi imodzi. Phunziro lenilenilo linali kukonza mabuku. Shehe akamasulira liwu lovuta, wophunzira ankalemba tanthauzo pakati pa mizere kapena m'mphepete, nthawi zina m'chinenero chake cha kumudzi koma ndi zilembo za Chiarabu, monga Chisonghayi kapena Chifulani. N'chifukwa chake mabuku ophunzitsira ambiri analembedwa motalikitsa mizere: malowo ankasiyidwira wophunzira.

Ahmad Baba akunenanso kuti Baghayogho ankabwereketsa mabuku ake mosaumira, ngakhale osowa kwambiri, ndipo nthawi zina wophunzira ankafika pakhomo kudzapempha buku, iye n'kumupatsa osadziwa n'komwe kuti ndi ndani. Mabuku ena anatayika motero. Ine ndimaona kuti munthu ameneyu anapulumutsa mabuku ambiri kuposa amene anataya, popeza buku lobwerekedwa linkabwerera litabereka lina, pamene lotsekeredwa m'bokosi limadikira chiswe lili lokha.

Wophunzira akamaliza buku mokhutiritsa, shehe ankamupatsa ijaza, chilolezo choti akaphunzitse buku limenelo. Chilolezocho sichinali cha maphunziro onse ayi, chinali cha buku lotchulidwa dzina, ndipo chinkandandalika mayina: ine ndinaphunzira kwa uje, iye kwa uje, mpaka kufika kwa mlembi wa bukulo. Mndandanda umenewu, wotchedwa isinadi, unkadutsa ku Cairo, ku Makka kapena ku Fez, chifukwa akatswiri a ku Timbuktu popita ku Haji ankaphunzira m'njira n'kubwera ndi mabuku. Agogo ake a Ahmad Baba, al-Hajj Ahmad, ankakopera okha mabuku ndipo anasiya pafupifupi 700. Mdzukuluyo anadzafika pa 1,600, ndipo ananena kuti anali wochepekedwa poyerekeza ndi abale ake.

Nambala imeneyo tikuidziwa chifukwa cha tsoka. Mu 1591 asilikali a mfumu ya ku Morocco, Ahmad al-Mansur, anagonjetsa ufumu wa Songhay pa nkhondo ya ku Tondibi n'kulanda Timbuktu. Mu 1593 akatswiri a banja la Aqit anamangidwa, nyumba zawo zinafunkhidwa, ndipo chaka chotsatira anatengedwa kuwoloka chipululu mpaka ku Marrakesh. Kumeneko ndi kumene Ahmad Baba anadandaulira mfumu za mabuku ake. Atamasulidwa anaphunzitsa mumzindamo, anthu otchuka n'kumabwera kudzamumvera, ndipo anabwerera kwawo mu 1608. Mabuku ake anamwazika, koma zomwe zinali m'mutu mwake sizinalandidwe, ndipo kulemba kunapitirira. Buku la mbiri la Tarikh al-Sudan, lomwe limatiuza zambiri za anthu amenewa, linalembedwa ndi al-Sa'di cha m'ma 1650, ukapolo wa ku Morocco uja utachitika kale.

Njira imeneyi inali ndi malire ake, ndipo ndi bwino muwadziwe. Imasunga bwino zomwe zikuphunzitsidwa, koma siisamala zina. Risala mungaipeze kambirimbiri m'mabanja osiyanasiyana, kuyambira ku Timbuktu mpaka ku Chinguetti ndi Walata m'dziko la Mauritania, ndipo mukaika makope angapo pamodzi mumatha kuona pamene mlembi wina anaphonya. Koma ndakatulo ya munthu wa ku Timbuktu, kalata ya wamalonda, kapena chigamulo cha woweruza pa mlandu umodzi zimakhala kope limodzi lokha. Likadyedwa, zatha, ndipo likakhala ndi cholakwika palibe poliyang'anizira. Mabuku a zakuthambo, masamu ndi mankhwala alipodi, koma ndi ochepa poyerekeza ndi a malamulo a chipembedzo, galamala ndi mapemphero. Komanso mukamva manambala a mipukutu mazana a zikwi, dziwani kuti powerenga amaphatikiza ndi tsamba limodzi la kalata kapena chikalata cha ngongole ngati chinthu chimodzi. Ngakhale tsiku lolembedwa kumapeto kwa buku limafuna kusamala, popeza alembi ena ankakopera ndi tsiku lomwe la buku lakale. Buku lonena kuti linamalizidwa m'zaka za m'ma 1500 koma lili papepala la fakitale la mizere yosindikiza, kapena lolembedwa ndi inki yogula yamtundu wa pepo, linalembedwa patapita zaka zambiri kuchokera pa tsiku limenelo.

Mdani wina ndi chuma cha masiye. Shehe akamwalira mabuku ankagawidwa kwa olowa m'malo, buku la mavoliyumu ambiri n'kumwazikana m'makomo angapo, ndipo mdzukulu amene sanaphunzire Chiarabu ankangolitsekera m'bokosi lachitsulo mwaulemu, osalitsegula zaka zambiri. M'nthawi ya atsamunda a ku France mabanja ena anabisa mabuku poopa kulandidwa, ndipo ana ambiri atayamba sukulu za Chifalansa owerenga anachepa. Boma la Mali linatsegula malo osonkhanitsira mabukuwa mu 1973, n'kuwatcha dzina la Ahmad Baba, ndipo dziko la South Africa linamanga nyumba yake yatsopano yomwe inatsegulidwa mu 2009. Mu 2012 zigawenga zitalanda kumpoto kwa Mali, eni mabuku motsogozedwa ndi anthu ngati Abdel Kader Haidara anazembetsa mabokosi ambiri pagalimoto ndi pabwato kupita ku Bamako. Mu Januwale 2013 zigawengazo pothawa zinawononga kapena kutenga mipukutu pafupifupi 4,200 mwa yomwe inatsala m'nyumba yatsopanoyo. Yomwe inafika ku Bamako inakumana ndi mdani amene inu mukumudziwa bwino, chinyezi cha nthawi ya dzinja, ndipo panafunika makina oumitsa mpweya, mabokosi apadera ndi ntchito yaikulu yojambula tsamba lililonse.

Poti kwanu kunyanja chinyezi ndi chiswe zilipo zonse, ngati muli ndi mabuku kapena makope a mashehe akale, achotseni pansi ndipo asagunde khoma. Musawamange m'pepala la pulasitiki, chifukwa limatsekera chinyezi mkati n'kubala nkhungu; akulungeni munsalu youma yoyera. Pong'ambika musamatepo selotepi, guluu wake amasiya banga ndi kudya pepala. Nthawi yachilimwe atulutseni pamthunzi, osati padzuwa, mutsegule tsamba ndi tsamba, ndipo mukaona ufa wosalala pansi pa buku kapena tinjira tadothi pabokosi, dziwani kuti alendo alowa. Ajambuleni ndi foni masamba onse motsatana. Mukakopera china pamanja, khalani pansi ndi mnzanu, wina aziwerenga wina azitsatira, ndipo kumapeto mulembe dzina lanu, tsiku, mudzi, ndi mwini wa buku lomwe mwakoperamo.